Odiyo ya maola 2 ndi mphindi 40, mayeso Lachisanu: ndiyambire pati?

NamwinoWaMawa
Anzanga ndithandizeni nzeru. Sabata yatha ndinali ku maliro a azakhali ku Ntcheu, ndiye kalasi ya malungo inandiphonya. Mnzanga anajambula mawu pa foni n'kunditumizira, maola 2 ndi mphindi 40. Dzulo ndinakhala nayo kuyambira 7 koloko madzulo mpaka 11, kumvera, kuimitsa, kulemba, kubwezanso m'mbuyo. Ndafika pa mphindi 48 zokha koma masamba 9 a kope adzaza kale, chala chachita kutupa.

Chondisowetsa mtendere n'chakuti aphunzitsi ake sayenda njira imodzi. Ayamba za udzudzu, alumphira ku mankhwala, akumbuka mwana wina amene anamuona ku wodi, abwereranso ku chiwindi. Manotsi anga ali ngati pamene nkhuku yapalasa. Ndikufuna mutu ulionse ukhale pawokha, kuyeza pawokha, mankhwala pawokha, amayi oyembekezera pawokha. Mayeso ndi Lachisanu la sabata ya mawa. Amene munadutsamo, mumatani?

Kabandulo
Pepani ndi maliro asisi. Failo imeneyo iyenera kuti ndi yaikulu. Ngati inajambulidwa pa 128 kbps, mphindi 160 zikupanga ma MB pafupifupi 154. Ichepetseni kaye pa laputopu, ifika pa 38, mawu a munthu amamveka bwinobwino:

```
ffmpeg -i malungo.m4a -ac 1 -b:a 32k malungo2.m4a
```

MphakaWaHositelo
Kabandulo, munthu akufunsa za manotsi iwe ukumuyankha za ma MB. Failo anailandira kale, bandulo inapita kale.

Kabandulo
Ndimaganizira amene adzaipemphe pambuyo pake aise.

MphakaWaHositelo
Asisi ingobwerekani kope la amene analipo mukopere. Zatha.

NamwinoWaMawa
Ndinabwereka. Mnzangayo analemba tsamba limodzi ndi theka, poti ankadalira kuti foni ikujambula. Naye sanaimvere mpaka lero.

MayiWaAwiri
Mwana wanga, pepa ndi zovuta. Ine digiri yanga ndinaiphunzira ndili pa ntchito, ana awiri ali pamsana, ndipo maphunziro ambiri ankatipeza ngati maodiyo omwewa. Chaka choyamba ndinkachita zimene ukuchitazo, ndipo ndikuuze, sudzamaliza. Tawerengera wekha. Maola 4 akupatsa mphindi 48, ndiye kuti mphindi 160 zikudyera maola oposa 13, ndipo mapeto ake udzakhala ndi masamba 30 oti uyambenso kuwakonza. Munthu akamayankhula amatulutsa mawu oposa 100 pa mphindi imodzi. Dzanja silingamupeze.

Tseka kope limenelo kaye. Tenga pepala limodzi lokha, ulembe mzere kumanzere. Mvera odiyo yonse kuchokera poyamba mpaka kumapeto osalemba manotsi. Chimene ukulemba ndi nthawi ndi dzina la nkhani basi. Aphunzitsi akasintha nkhani, yang'ana pa foni, lemba kuti 0:14, pambali pake mawu osapitirira asanu ndi limodzi, monga "kachirombo kali m'chiwindi". Osafotokoza. Mtima udzakuuza kuti apa mpofunika, ndilembe zonse. Ukane. Ika chizindikiro chofuula pambali n'kupitirira. Pamene sunamve bwino ika chizindikiro cha funso. Pamene atchula nambala, kaya mulingo wa mankhwala kaya chaka, zunguliza nthawiyo.

Ukamaliza udzakhala ndi mizere 30 kapena 40 pa pepala limodzi. Ine ndimalitcha mapu. Ubwere nalo pano, ndidzakuuza chotsatira. Mitu ya manotsi sungaidziwe usanaone mapu onse, n'chifukwa chake dzulo unasokonekera. Unkafuna kusanja katundu galimoto isanamalize kutsitsa.

NamwinoWaMawa
Zikomo amayi. Koma kumvera maola 2 ndi mphindi 40 osalemba kanthu, si kutaya nthawi kumeneko? Ndiye ndidzamveranso kachiwiri?

MayiWaAwiri
Ulendo woyamba uthamangitse. Pa 1.5x mphindi 160 zimasanduka 107. Ndi kuimitsa kolemba nthawi, uwerengere maola 2. Ulendo wachiwiri sudzamvera yonse, udzaona.

Mwana_wa_aHedi
Bwanji osangoika 2x? Ine maodiyo onse ndimamvera pa 2x ndipo palibe chimandiphonya. Komanso njira yodziwika ya manotsi ndi ya Cornell, anaiyambitsa Walter Pauk ku yunivesite ya Cornell m'zaka za m'ma 1950. Ugawa tsamba, kumanja manotsi, kumanzere mafunso, pansi chidule. Ukatsata imeneyo vuto lonseli latha.

MayiWaAwiri
Achimwene, tsamba la Cornell ndi labwino ndipo ine ndimaligwiritsa ntchito kumapeto. Koma ilo limakonza tsamba limodzi. Silikuuzani kuti zimene aphunzitsi ananena pa 0:41 ndi zimene ananena patapita ola ndi theka ndi nkhani imodzi. Mukalemba Cornell motsatira mmene odiyo ikuyendera, mupeza masamba okongola a chisokonezo chomwecho.

Za 2x, zimatengera odiyo. Munthu amene anajambula yekha m'chipinda ali pafupi ndi maiki, 2x imatheka. Foni imene inali pa desiki yachisanu, fani ikulira, wina akukoka mpando, aphunzitsi akutembenukira ku bolodi, pa 2x mumva phokoso lokhalokha.

Mwana_wa_aHedi
Mwina makutu amasiyana.

Fodya_Wauma
Ine vuto langa foni imasiya kujambula sikirini ikazima. Ndinajambula kalasi ya maola awiri, kunyumba ndinapeza mphindi 6. Pali amene akudziwa?

Kabandulo
Ndi zosunga batire zimenezo, foni ikupha pulogalamu yojambulira. Pitani pa Settings, pezani pulogalamuyo, pa Battery muichotsere malire. Mayina amasiyana malinga ndi foni.

MphakaWaHositelo
Kwathu kuno vuto si batire kuzimitsa pulogalamu, vuto ndi batire kusowa koitchaja. Dzulo magetsi anabwera 2 koloko usiku, anthu kudzuka ngati kwabwera akuba, kulimbirana soketi imodzi ya mu kolido.

Fodya_Wauma
Ife timakatchajitsa kwa wometa, ali ndi sola.

Tcheya_wa_Gulu
Za magetsi tili ndi ulusi wake wina, chonde. Tiyeni timuthandize mnzathuyu.

NamwinoWaMawa
Ndabwera nawo mapu. Ndinagwiritsa ntchito VLC pa 1.5x, zinanditengera maola 2 ndi mphindi 10. Mizere yakwana 34, ndikuika ikuluikulu yokha:

0:00 moni, za asainimenti
0:06 udzudzu wa anofelesi, woluma ndi waukazi
0:14 kachirombo m'chiwindi, zizindikiro palibe
0:22 mbiri ya mankhwala, 1993, 2007
0:33 kachirombo m'magazi, thupi kutentha
0:41 malungo aakulu, jakisoni wa atesuneti 2.4 !
0:52 nkhani ya mwana wa ku wodi
1:03 mRDT, kachipangizo koyezera malungo m'magazi, ndi maikulosikopu
1:14 atesuneti, nthawi zobayira
1:26 kupuma, mpaka 1:38
1:38 amayi oyembekezera, fansida
1:52 LA, kamwedwe kake
2:05 funso la wina, silikumveka, atesuneti ana ?
2:12 maneti, kupopera, katemera
2:31 za mayeso, mayina a magulu

Ndaseka ndekha. Mnzanga anaiwala kuimitsa pa nthawi yopuma, mphindi 12 zonse ndi anthu akukambirana za mandasi.

MayiWaAwiri
Wagwira ntchito. Tsopano taona zimene pepala limodzi lakuuza. Moni mphindi 6, kupuma 12, zakumapeto pafupifupi 9. Mphindi 27 zachoka usanalembe chilembo. Zakumapetozo umvere kamodzi kokha, mwina anatchula zobwera pa mayeso.

Tsopano tenga pensulo, pa mzere ulionse uike chilembo cha mutu wake. Ine ndikuona mitu isanu ndi umodzi. A, moyo wa kachirombo: 0:06, 0:14, 0:33. B, kuyeza: 1:03. C, malungo osaopsa ndi LA: 0:22 ndi 1:52. D, malungo aakulu: 0:41, 0:52, 1:14, 2:05. E, amayi oyembekezera: 1:38. F, kupewa: 2:12. Mutu ulionse upatse tsamba lake losiyana, osati kutsatizana m'kope, kuti ukapeza kena pambuyo pake pakhale malo.

Kenako umvera mutu umodzi pa nthawi, kulumpha kuchoka pa chidutswa kupita pa chinzake. Ukatenga D, umva 0:41, ulumphira pa 0:52, pa 1:14, pa 2:05, zonse motsatizana pa liwiro la 1x, cholembera chili pansi. Ukamaliza chidutswa, imitsa, tembenuza foni, lemba zimene wamva m'mawu ako. Ukalephera kulemba ndiye kuti sunamvetse, bwereza chidutswacho. Kulemba odiyo ikuyenda kumanamiza, dzanja limagwira ntchito mutu uli kwina. Pa mfundo iliyonse siya nthawi yake kumapeto, kuti tsiku lina ukakayika usasakesake m'maola atatu.

Yamba ndi D, poti ndi pamene pali funso lako. Aphunzitsi akabwerera ku nkhani imodzi kanayi, kawirikawiri pali chimene akuwonjezera kapena kukonza.

NaitiDyute
Ndaona mzere wa 2:05 ndipo ndikuganiza kuti ndikudziwa chimene chili pamenepo. Mchemwali, pa masamba 9 aja munalemba chiyani za mulingo wa atesuneti?

NamwinoWaMawa
Ndinalemba kuti 2.4 mg pa kilogalamu, wodwala aliyense. Ndi mmene ananenera pa 0:41. Ndinachita kudula mzere kunsi kwake ndi cholembera chofiira.

NaitiDyute
Kamvereni 2:05 pa 1x ndi mahedifoni.

NamwinoWaMawa
Mayo ine. Funso silikumvekabe, wofunsayo anali kutali. Koma yankho likumveka. Akuti "eya wachita bwino kundikumbutsa, ana osakwana makilogalamu 20 timawapatsa 3, osati 2.4, konzani pamene munalemba paja". Anangonena kamodzi, mwachangu, anthu akuseka zina.

NaitiDyute
Ndi zimenezo. Wolemera makilogalamu 20 kupita m'mwamba ndi 2.4 mg pa kilogalamu, wosakwana 20 ndi 3 mg pa kilogalamu. Tengani mwana wa makilogalamu 14. Pa 3 alandira 42 mg. Pa 2.4 alandira 33.6 mg, mwamumana 8.4 mg pa jakisoni aliyense. Ndipo ku wodi ya ana ambiri amene mudzawaone ndi malungo aakulu ndi a misinkhu yomweyo. Nthawi zake zili pa 1:14 panu paja: pomulandira, patatha maola 12, patatha maola 24, kenako kamodzi pa tsiku mpaka atatha kumwa, ndipo akayamba kumwa amalize LA yonse.

Langizo langa pa manotsi a mankhwala ndi ili. Nambala iliyonse imene mwaimva m'khutu, musaikhulupirire mpaka mutaiona yolembedwa m'buku la malangizo a Unduna wa Zaumoyo kapena pa silaidi. Aphunzitsi ndi munthu, lilime limaterereka, ndipo m'chizungu 15 ndi 50 pa foni ya m'kalasi zimamveka chimodzimodzi. Ine ndinkaika kadontho pambali pa nambala imene ndatsimikiza. Yopanda kadontho sindinkaiwerenga pokonzekera mayeso.

MayiWaAwiri
Ukanapitiriza njira ya dzulo ija, 2.4 ikanakhala pa tsamba 8 ndi mzere wofiira, kukonza kwake pa tsamba 25, ngati ukanafikako. Usiku wa Lachinayi ukanawerenga tsamba 8.

MphakaWaHositelo
Ndipo kope la mnzake lija ndikubetcha lili ndi 2.4 yokha. Ndabweza mawu anga.

Mbombwe1915
Ndawerenga zonse ndipo sindikutsutsa kuti pa malungo zagwira. Koma musauze anthu ngati kuti phunziro lililonse lingadulidwe chonchi. Ine ndimaphunzira mbiri. Tinali ndi odiyo ya maola awiri ya John Chilembwe, ndipo ndinachita ndendende zimene amayi akunenazi: tsamba la thangata, tsamba la mpingo wa PIM, tsamba la nkhondo ya 1914, tsamba la kuukira kwa pa 23 Januwale 1915. Manotsi aukhondo zedi. Pa mayeso anafunsa chifukwa chake kuukirako kunachitika nthawi imeneyo osati kale. Ndinali ndi zidutswa zonse koma ulusi wozisoka ndinali nditautaya. Aphunzitsi ankalumpha dala. Ankachoka pa nkhanza za ku esiteti ya Magomero n'kupita pa kalata imene Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula za Afirika ofera nkhondo ya azungu, kuti tione mmene chimodzi chinakolezera chinzake. Ine ndinaona ngati akusochera, ndinazilekanitsa.

MayiWaAwiri
Mwanena zoona achimwene, ndipo ine zinandichitikirapo pa phunziro la malamulo a ntchito. Pali aphunzitsi olumpha chifukwa choiwala, pali olumpha chifukwa akumanga mfundo. Powazindikira ndi pa mawu olumikizira. Akati "ndisanaiwale" kapena "tibwerere kaye", dulani mosaopa. Akati "n'chifukwa chake" kapena "tsono taonani chimene chinatsatira", pamenepo pali mfundo, ndipo mfundoyo iyenera kulembedwa payokha. Ine mapu aja sinditaya. Ndimawamata kutsogolo kwa manotsi, ndipo pansi pake ndimalemba ziganizo zitatu kapena zinayi zonena kumene aphunzitsi anayambira ndi kumene anatifikitsa.

Mbombwe1915
Ziganizo zinayi sizikanandipulumutsa. Pa mbiri ine ndabwerera kolemba motsatira zaka, mitu ndimangoisonyeza ndi mitundu ya zolembera m'mbali.

MayiWaAwiri
Mwina pa mbiri mukulondola. Sindinaiphunzire.

NamwinoWaMawa
Zimene akunena a Mbombwe zandigwira pa 0:52. Nkhani ya mwana uja ikutenga mphindi 11 ndipo ikukhudza mitu itatu. Anabwera akukomoka, shuga atatsika, magazi ochepa, ndiye D. Koma anali atamwa LA masabata awiri m'mbuyomo ndipo mRDT inaonetsa kuti ali ndi malungo, aphunzitsi n'kufunsa kalasi ngati tingaikhulupirire, ndiye B. Komanso mayi ake anasiya kumupatsa mankhwala tsiku lachiwiri ataona kuti wayamba kusewera, ndiye C. Ndiidule patatu?

MayiWaAwiri
Ayi, nkhani ya wodwala usaidule. Ilembe yonse pamalo amodzi, pa D, m'mizere isanu kapena isanu ndi umodzi. Pa B ndi pa C ungoika mfundo imene nkhaniyo ikuphunzitsa ndi kamuvi konena kuti "ona mwana wa pa D". Chinthu chimodzi chilembedwe kamodzi. Ukachilemba kawiri, tsiku lokonza udzakonza pamodzi n'kuiwala penapo.

NaitiDyute
Ndipo mfundo ya pa B ndi yokoma, musaiphonye. Kachipangizo kaja sikaona kachirombo kamoyo, kamaona puloteni imene kachiromboko kamasiya m'magazi, ndipo puloteniyo imatha kukhalamo masabata angapo munthu atachira. Ndiye kwa amene wangomwa kumene mankhwala, mizere iwiri ija siikuuzani ngati matenda alipobe kapena ndi zotsalira. Mpamene maikulosikopu imafunika. Koma mwana wokomoka simudikira zotsatira kuti muyambe kumuthandiza. Pa C lembani kuti LA ndi maulendo 6 pa masiku 3, wachiwiri patatha maola 8, ndipo amwere chakudya cha mafuta pang'ono kapena mkaka.

Chinanso, pepani ndikhale ngati wovuta. Ngati m'nkhaniyo aphunzitsi anatchula mudzi kapena dzina la mwanayo, zisalowe m'manotsi, ndipo odiyoyo isamangoyendayenda m'magulu a WhatsApp.

Tcheya_wa_Gulu
Apo a Naiti anena. Komanso funsani aphunzitsi musanajambule. Ena salola, ena amalola bola isatuluke m'kalasi. Pagulu pano musaikepo.

Kabandulo
Ndiye ma MB anga aja agwa ntchito. Chabwino, koma iyi ikuthandizani asisi. M'malo mosakasaka ndi chala pa kamzere ka foni, dulani zidutswa za mutu D zikhale mafailo awoawo:

```
ffmpeg -ss 01:14:00 -to 01:26:00 -i malungo.m4a -c copy D3.m4a
```

Sichedwa, poti `-c copy` imangokopera osakonzanso mawu. Mukatero D1 mpaka D4 muzimvera motsatizana muli pa minibasi.

MayiWaAwiri
Chenjezo limodzi pa zimenezo. Kachidutswa kodulidwa kamayambira pa 0:00, ndiye nthawi zake sizigwirizananso ndi mapu. Ine ndinasokoneza manotsi a kosi yonse chonchi, theka nthawi za failo yaikulu, theka za tizidutswa. Ngati ukudula, nthawi zolemba m'manotsi zikhale za failo yaikulu nthawi zonse.

Kabandulo
Ingoikani nthawi yoyambira m'dzina la failo, `D3_0114.m4a`, muziwonkhetsa.

NamwinoWaMawa
Laputopu ndilibe achimwene, ndipitiriza ndi chala. Koma ndakumana ndi vuto lina pa mutu A. Kuyambira 0:14 mpaka 0:20 akungoti "kachoka apa, kalowa apa, kenako kabwera uku". Akuloza chithunzi chimene ine sindikuchiona. Ndikungomva choko.

Fodya_Wauma
Kkkk aphunzitsi a "apa ndi apa" ali paliponse. Wathu wa za nthaka amatha mphindi 20 osatchula dzina la chinthu ngakhale chimodzi.

MayiWaAwiri
Pamenepo odiyo yafika pa malire ake, usalimbane nayo. Tsegula buku pa chithunzi cha moyo wa kachirombo, uike chala, umvere akulozawo ukutsatira. Nthawi zambiri "apa" woyamba ukamupeza, enawo amagwa okha. Chithunzicho ujambule ndi dzanja lako pa tsamba A. Zimene watenga m'buku uzilembe ndi mtundu wina wa cholembera, kuti uzidziwa kuti izi si za m'kamwa mwa aphunzitsi. Ndipo funsa m'kalasi, sipalephera wina amene anajambula bolodi pa foni.

Mwana_wa_aHedi
Ine ndikuonabe kuti mitu simuyenera kuipeka nokha kuchokera pa mapu. Tengani pa kosi autilaini. Mayeso amachokera pamenepo, osati pa zimene aphunzitsi anakumbuka tsiku limenelo.

MayiWaAwiri
Apa muli ndi mfundo. Kuika autilaini pambali pa mapu kumaonetsa chimene sichinaphunzitsidwe n'komwe. Koma ndaonapo autilaini yongoti "malungo: kuyeza ndi kuchiza", mzere umodzi. Mitu iwiri yokha pa maola atatu, tsamba la "kuchiza" lidzakhala chisokonezo chomwe chija.

NaitiDyute
Amene amalemba mayeso ndi amene anayankhula mu odiyoyo. Chimene anachibwereza kanayi ine ndingachiwerenge kuposa mzere wa pa autilaini.

Mwana_wa_aHedi
Kwathu mayeso amaunikidwa ndi anthu akunja, sangafunse zongokumbuka iye.

NamwinoWaMawa
Ndayang'ana autilaini yathu. Ili ndi mitu inayi, ndipo umodzi ndi chisamaliro cha namwino kwa wodwala malungo aakulu. Mu odiyo mulibe chidutswa chake chenicheni, zangomwazikana m'nkhani ya mwana uja, kuyeza shuga, kumugoneka chammbali, kuwerengera mkodzo. Ndikanatsata mapu okha sindikanaupatsa tsamba. Ndatsegula G.

Mwana_wa_aHedi
Mwaona.

MphakaWaHositelo
Lero agona tulo a Hedi aang'ono.

Fodya_Wauma
Funso lapambali. Manotsiwo mumalemba m'Chichewa kapena m'chizungu? Ine ndikalemba m'Chichewa ndimamvetsa, koma pa mayeso mawu achizungu amandithawa.

MayiWaAwiri
Ine mayina a zinthu ndi matanthauzo ndinkasiya m'chizungu monga adzafunsire, kufotokoza chifukwa chake ndinkalemba mmene ndingauzire mng'ono wanga. Ukatha kunena m'Chichewa chifukwa chimene munthu sadwala kachirombo kali m'chiwindi koma amadwala kakayamba kuswa maselo a magazi, ndiye kuti wamvetsa.

Mbombwe1915
Ine ayi. Mayeso athu ndi nkhani zazitali, ndikapanda kuzolowera kumanga ziganizo m'chizungu pa manotsi, m'holo ndimataya nthawi ndikumasulira m'mutu.

NamwinoWaMawa
Ndikupatseni lipoti. A, B, C ndi D zatha, Loweruka ndi Lamlungu masana. D yanditengera ola ndi mphindi 20 yokha, B mphindi 25. Masamba onse pamodzi ndi 4 ndi theka. Masamba 9 aja ndatengamo mizere mwina khumi. Pa C mbiri ya mankhwala yakwana mizere iwiri: kolorokwini anasiyidwa mu 1993 kachirombo katayamba kupima, kunabwera fansida, kenako LA mu 2007. Aphunzitsi anatha mphindi 11 pamenepo, zambiri akukamba mmene kolorokwini ankawayabwitsira ali mwana.

Chanditsalira n'chakuti pa 1:44, mutu E, akunena sabata imene mayi woyembekezera amayambira fansida ndipo wina anatsokomola pa nambala penipeni. Ndabwereza kasanu. Ndikumva ngati 13, mnzanga akuti 30.

NaitiDyute
30 singakhale, mochedwa kwambiri. Amayamba miyezi itatu yoyamba ikatha, ndipo maulendo amatalikirana mwezi umodzi, osachepera atatu asanachire. Koma musalembe chifukwa ndanena ine, tsegulani buku la malangizo limene akukuphunzitsirani muone sabata imene lalemba, ndi imene adzachongere.

NamwinoWaMawa
Buku lili ku laibulale, atsegula mawa 8 koloko. Pakadali pano ndalemba 13 ndi pensulo, yopanda kadontho.

Fodya_Wauma
A Kabandulo, ndachotsa malire a batire aja koma yasiyanso pa mphindi 31. Tsopano ikuti malo adzaza.